Mandasi a Mayi Nambewe: Kankhani Kophunzitsa "Have Been -ing"

Pali chiganizo china cha Chingerezi chomwe chimamveka pamzere wa ku banki, pa siteji ya minibasi, ngakhalenso m'makalata ofunsira ntchito: "I am waiting since eight o'clock." Wolankhulayo akufuna kunena kuti anayamba kudikira 8 koloko ndipo mpaka pano akadali pomwepo. Aliyense amamumva bwinobwino. Koma mphunzitsi wochonga chimangirizo cha mayeso a MSCE akachiona amachidula mzere wofiira, chifukwa malamulo a Chingerezi amafuna kuti munthuyo anene kuti "I have been waiting since eight o'clock." Popeza munthu sangapeze satifiketi ya MSCE ngati sanakhoze Chingerezi, tizolakwa totere timawawa ndithu.

Nthawi ya mneni imeneyi aphunzitsi amaitchula kuti pulezenti pefekiti kontinyuwasi. Dzinalo ndi lalitali ndipo limaopsa ana asukulu, koma kapangidwe kake n'kosavuta. Pamafunika zinthu zitatu zotsatana: have kapena has, kenako been, kenako mneni wothera ndi -ing. Chovuta si kupanga chiganizocho ayi. Chovuta n'kudziwa pamene chikufunika. Ophunzira ambiri amatha kudzaza mipata m'mabuku popanda kulakwitsa, koma akayamba kulankhula kapena kulemba zawozawo, have been uja amasowa ngati sanamuphunzirepo.

N'chifukwa chake aphunzitsi odziwa ntchito yawo amakonda kuyamba ndi kankhani kakafupi koseketsa, malamulo n'kubwera pambuyo. Nthawi ya mneniyi imagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kunena za chinthu chomwe chinayamba kale ndipo chikuchitikabe. Yachiwiri ndi kunena za chinthu chomwe changotha kumene koma chasiya zizindikiro zooneka ndi maso: thukuta pankhope, matope kumapazi, maso ofiira. Ntchito yachiwiriyi ndi imene imachititsa kuti nkhani yoseketsa ikhale chida chabwino kwambiri, chifukwa nthabwala zambiri zapakhomo zimagona pa munthu amene akukana mlandu pomwe umboni uli pakamwa pake penipeni.

Nayi nkhani yotere, yopekedwa kuti igwiritsidwe ntchito m'kalasi. Mawu ofotokozera ali m'Chichewa kuti aliyense atsatire, koma zolankhula za anthu a m'nkhaniyi zasiyidwa m'Chingerezi monga mmene wophunzira angazipezere.

Mayi Nambewe a ku Ndirande anadzuka m'bandakucha Loweruka n'kukazinga mandasi 40. Anawaika m'beseni, navundikira ndi nsalu yoyera, ndipo 7 koloko anauza mwana wawo Mavuto kuti akhale nawo pakhonde azigulitsa, iwo akupita kukazonda wodwala. Anabwerako 11 koloko. Pageti anapeza a Nachisale, anzawo oyandikana nawo nyumba, atanyamula kambale kopanda kanthu, nkhope ili ndwii.

"I have been standing here for twenty minutes," anatero a Nachisale. "I have been calling your son, but he has not been answering."

Mayi Nambewe analowa kumpanda. Mavuto anali chikhalire pakhonde, beseni lili pakati pa miyendo, milomo ikunyezimira ngati wadzola mafuta a pa Khirisimasi.

"Mavuto, what have you been doing?"

"I have been guarding the mandasi since seven o'clock, Amayi."

"Then why is your mouth shining?"

Mnyamatayo anameza kaye, kenako anayankha mwaulemu wonse: "I have been checking the quality."

Pakona ya khonde panali Tadala, mlongo wake wamng'ono, maso ali psuu, misozi itaumira m'masaya. "She has been crying," anatero mayiwo. Tadala sanadikire kufunsidwa: "Because he has not been sharing!"

Mayi Nambewe anavundukula nsalu ija n'kusuzumira m'beseni. "Somebody has been eating my mandasi," anatero pang'onopang'ono. Kenako anawerenga otsalawo ndi chala, nawerenganso kachiwiri. Analipo 6. Mawu anakwera: "You have eaten thirty-four!"

Mavuto analumbira kuti mimba yake siingathe zimenezo payokha, ndipo maso ake anapita kumtengo wa mango. Pamthunzi pamenepo panali bambo ake, ali pampando wa ndalema, nkhope yonse itabisika kuseri kwa nyuzipepala.

"Bambo a Mavuto, what have you been doing all morning?"

"I have been reading the news," anayankha bambowo osatsitsa pepalalo.

Mayi Nambewe anayandikira. Nyuzipepalayo inali ya chaka chatha, imodzi mwa zomwe iwo amakulungira mandasi a makasitomala. Inali yozondoka, ndipo inali itanyowa mafuta kotero kuti nkhope ya amuna awo inkaonekera kuseri kwake, tsaya limodzi lili lotupa.

"And I have been supervising the boy," anawonjezera bambowo, mawu akutuluka movutikira.

Nkhaniyo ndi yomweyo. Ikawerengedwa mokweza siitenga mphindi zitatu, koma have been kapena has been akupezekamo koposa kakhumi, ndipo palibe pamene waikidwa mongokongoletsa.

Munthu akaona chiganizo choyamba cha a Nachisale, aona ntchito yoyamba ija. Iwo anafika pageti mphindi 20 zapitazo, ndipo pomwe akulankhula akadali chiimire pomwepo. Chimodzimodzi Mavuto: akuti ulonda wake unayamba 7 koloko ndipo sunathe. Mawu awiri ang'onoang'ono ndi amene akusonyeza kutalika kwa nthawiyo, for ndi since, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa. For amatsatidwa ndi kuchuluka kwa nthawi, monga mphindi 20, maola anayi, zaka zitatu. Since amatsatidwa ndi pamene chinthucho chinayambira, monga 7 koloko, Lolemba, chaka cha 2019. Njira yodziyesera ndi yapafupi: ngati mawu otsatirawo akuyankha funso loti "kuyambira liti?" pakufunika since, ngati akuyankha loti "kwa nthawi yaitali bwanji?" pakufunika for. Mavuto akanatha kunenanso kuti "for four hours" tanthauzo osasintha, koma "since four hours" ndi cholakwika.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu ambiri kuno amanena kuti "I am waiting since eight"? Yankho lili m'chilankhulo chathu chomwe. M'Chichewa n'zololedwa kunena kuti "ndikudikira kuyambira 8 koloko", mneni ali m'nthawi yatsopano. Wophunzira amangotenga kapangidwe kameneka n'kukavekera mawu a Chingerezi. Koma Chichewa chomwecho chili ndi mankhwala ake, chifukwa timanenanso kuti "ndakhala ndikudikira kuyambira 8 koloko", ndipo kanenedwe aka kakufanana kwambiri ndi have been waiting. Mphunzitsi amene wauza ana kuti paliponse pomwe angathe kunena "ndakhala ndiku-" aganizire za have been -ing, wawapatsa pogwira. Ana athu pamenepa ali ndi mwayi kuposa anzawo olankhula Chifalansa kapena Chijeremani, omwe pa chiganizo chotere amangogwiritsa ntchito nthawi yatsopano basi, ndipo nawonso amalakwitsa mofanana ndi ife.

Ntchito yachiwiri ndiyo yokoma kwambiri, ndipo ndi imene kulemba pabolodi kokha sikungaiphunzitse. Pomwe Mayi Nambewe akunena kuti "She has been crying", Tadala sakulira. Analeka. Koma maso ofiira ndi mizere ya misozi m'masaya zikuulula zomwe zakhala zikuchitika posachedwapa. Akanakhala kuti akulirabe, mayiwo akanati "She is crying." Akanakhala kuti analira dzulo ndipo lero palibe chotsalira, akanati "She cried yesterday." Chiganizo chomwe anasankhacho chikulumikiza zomwe zangochitika ndi zomwe maso akuona pano. Milomo yonyezimira ya Mavuto ndi nyuzipepala yonyowa mafuta zikugwira ntchito yomweyo. Wophunzira amaona umboniwo asanamve chiganizo, choncho chiganizocho chikafika amakhala atadziwa kale chomwe chikutanthauza.

Funso la mayiwo nalonso n'lofunika kulimvetsetsa. "What have you been doing?" si funso lozizira. Eni chilankhulochi amalifunsa kawirikawiri akaona chinachake chodabwitsa kapena chokhumudwitsa, monga mwana wobwera ali matope okhaokha. Nthawi ya mneniyi imanyamula dandaulo mosavuta, ndipo a Nachisale ponena kuti akhala chiimire kwa mphindi 20 sakupereka lipoti, akudandaula. Wophunzira amene wamva zimenezi m'mawu a mphunzitsi wowerenga mwaluso amadziwa kuti kuuza bwana wake kuti "I have been waiting for an hour" kungamveke ngati kumudzudzula.

Njira yophunzitsira imeneyi si yachilendo kwa eni Chingerezi. Nthano yotchuka ya zimbalangondo zitatu, yomwe mlembi wa ku Mangalande Robert Southey anaisindikiza mu 1837, ili ndi kapangidwe komweka. Zimbalangondozo zikubwerera kunyumba n'kupeza mipando ndi mabedi zitasokonezedwa, ndipo chilichonse chikudandaula pogwiritsa ntchito nthawi ya mneni yomweyi, chifukwa mlendoyo sizinamuone koma zizindikiro zake zilipo. Ana a kumeneko amaimva nthanoyi asanayambe n'komwe sukulu. Ana a ku Ndirande kapena ku Mchinji sanakule nayo, ndipo chimbalangondo sanachionepo, koma beseni la mandasi amalidziwa, n'chifukwa chake nkhani yapakhomo imawagwira msanga.

Pachimake pa nkhani ya Mayi Nambewe ndi pa ziganizo ziwiri zotsatana zija, ndipo mphunzitsi ayenera kuimapo nthawi yokwanira. Atangosuzumira m'beseni, mayiwo akuti "Somebody has been eating my mandasi." Atawerenga, akuti "You have eaten thirty-four." Mneni ndi mmodzi, koma been ndi -ing zasowa pa chiganizo chachiwiri. Chifukwa chake n'chakuti choyambacho chikuyang'ana pa ntchito ya kudyayo, yomwe yakhala ikuchitika pang'onopang'ono mmawa wonse, ndipo chikusiya mpata woti mandasi ena alipo. Chachiwiricho chikuyang'ana pa zotsatira: angati apita. Paliponse pomwe munthu akutchula chiwerengero cha zinthu zomwe zatha kuchitidwa, Chingerezi chimafuna have ndi mneni wa zotha kale, popanda -ing. "You have been eating thirty-four" sichimveka bwino m'khutu la mwini chilankhulo.

Kusiyana kumeneku kumaoneka paliponse. Wophunzira wonena kuti "I have been writing my composition" akutanthauza kuti wakhala ali pantchito yolemba, mwina sanamalize. Wonena kuti "I have written my composition" akutanthauza kuti ntchito yatha, mphunzitsi akhoza kutolera. Mmisiri wa njinga amene wauza kasitomala kuti "I have been repairing it" sanalonjeze kuti njingayo yakonzeka. Funso la "How long?" limakonda kuyenda ndi have been -ing, pomwe la "How many?" limayenda ndi inayo. Mabuku a galamala amafotokoza zimenezi, kuphatikizapo English Grammar in Use la Raymond Murphy, lomwe linatuluka koyamba mu 1985 ndipo linalembedwera ophunzira apakatikati omwewa. Koma mwana amene wasekapo mayi akuwerenga mandasi 6 kawiri konse amakumbukira kusiyanaku popanda kutsegula buku.

Mawu oti ophunzira apakatikati akufunika kuwamasulira pang'ono. Pa muyeso womwe bungwe la Council of Europe linatulutsa mu 2001, luso la chilankhulo limagawidwa m'magawo 6, kuyambira A1 mpaka C2, ndipo apakatikati amayambira pa B1. Ameneyu ndi munthu woti amatha kufotokoza zomwe anachita dzulo ndi zomwe akuchita pano, komanso anakumanapo kale ndi ziganizo ngati "I have finished." Kwa munthu amene sanafike pamenepo, nkhani ya mandasi ingamuseketse koma siingamuphunzitse kanthu, chifukwa alibe choyerekezera nacho. N'chifukwa chakenso mawu ena onse m'nkhaniyi ndi osavuta. Guarding, checking, sharing, reading: palibe lomwe lingatumize wophunzira ku dikishonale n'kumuiwalitsa chomwe akuphunzira. Lovutirapo ndi supervising lokha, ndipo laikidwa kumapeto dala, pamene tsaya lotupa lafotokoza kale tanthauzo lake.

Pali malire omwe nkhaniyi siikuwaonetsa, ndipo mphunzitsi ayenera kuwatchula yekha, apo ayi ana adzayamba kuika have been -ing paliponse. Aneni ena sasonyeza ntchito yochitika koma mkhalidwe, monga know, believe, understand ndi own. Amenewa kawirikawiri salandira -ing. Choncho Mayi Nambewe sanganene kuti "I have been knowing Nachisale for ten years", ayenera kunena kuti "I have known Nachisale for ten years." Apa ndi pomwe chithandizo cha Chichewa chija chimathera, chifukwa ife timatha kunena kuti "ndakhala ndikuwadziwa" popanda vuto. Malire ena ndi akuti nthawi ya mneniyi siyendera limodzi ndi mawu osonyeza nthawi yomwe inatha kale. "I have been guarding them yesterday" ndi cholakwika, pakuti dzulo linapita ndipo silikhudza pano. Koma "since yesterday" ndi cholondola, popeza dzulolo langokhala poyambira. Aneni ochepa monga live ndi work amalola njira zonse ziwiri popanda kusintha tanthauzo kwenikweni, ndipo wophunzira asavutike nawo mtima.

M'kalasi, nkhaniyi imagwira ntchito bwino ikaperekedwa mwadongosolo. Mphunzitsi amayamba n'kuiwerenga mokweza, mabuku ali otseka, akusintha mawu potengera wolankhula. Funso loyamba silikhala la galamala ayi, limakhala loti ndani wadya mandasi ambiri, ndipo tikudziwa bwanji. Ana akatsutsana n'kuseka mokwanira, ndi pomwe amapatsidwa nkhaniyo yolembedwa kuti adule mzere kunsi kwa have been ndi has been aliyense. Kenako pa chiganizo chilichonse amafunsidwa mafunso awiri: kodi ntchitoyi ikuchitikabe pamene munthuyu akulankhula? Ngati yatha, chatsala n'chiyani chomwe tikuona? A Nachisale akadali chiimire. Tadala waleka kulira koma maso ndi ofiira. Pa "I have been checking the quality" ana amagawikana, ena amati Mavuto waleka, ena amati akumezabe, ndipo mkanganowo ndi wabwino chifukwa chiganizocho chikulola zonse ziwiri. Lamulo limalembedwa pabolodi pomalizira, ndipo nthawi zambiri ana amakhala atalinena kale okha.

Kalasi yathu ya ku sekondale imakhala yodzaza, ndipo mapepala osindikiza sapezekapezeka, koma zimenezi sizilepheretsa. Nkhaniyi imakwana pabolodi limodzi, ndipo anthu ake ndi asanu okha, choncho magulu a ana asanuasanu akhoza kuisewera ndi beseni ndi nyuzipepala yakale. Posewerapo ndi pomwe katchulidwe kamakonzedwa. Polankhula, eni chilankhulochi amafupikitsa n'kunena kuti I've been ndi she's been, ndipo ana ayenera kuuzidwa momveka kuti 's ameneyu akuimira has, osati is. Osauzidwa zimenezi amalemba kuti "She is been crying", cholakwika chomwe chimaonetsa kuti mwanayo anamva bwino ndi khutu koma sanadziwe chomwe anamva. Cholakwika china chofala ndi kusiya been, n'kulemba kuti "I have waiting", ndipo chimenechi chimatha msanga mwana akabwereza mzere wake kangapo pokonzekera sewero.

Mayeso enieni oti phunziro lalowa amabwera ana akayamba kupanga ziganizo zawo. Njira imodzi ndi yoti mwana mmodzi atuluke panja n'kubwerera ndi chizindikiro: choko m'manja, akupuma mwawefuwefu, kapena akuyasamula n'kutikita maso. Anzake amamufunsa kuti "What have you been doing?" kapena amalota okha, "You have been running", "You have been sleeping." Ina ndi yoti alembe mathero atsopano a nkhani ya mandasi: galu wapakhomopo wagona chagada mimba ili tuu, kapena agogo atulukira m'khitchini akupukuta manja. Mphunzitsi akamachonga asamangoyang'ana ngati have, been ndi -ing zilipo zonse. Ayang'ane ngati mwanayo wapereka umboni wooneka kapena kutalika kwa nthawi, komanso ngati wasintha mneni pamene watchula chiwerengero. Mwana amene walemba kuti galuyo "has been helping" kenako n'kuwonjezera kuti "he has eaten five" wagwira zonse ziwiri, ndipo wakonzeka kupita pa had been -ing, yomwe imagwira ntchito yomweyi pofotokoza nkhani zakale.